Malipiro onse ndimavomereza ndekha, nanga khomo lotseguka lili pati?

"Ndine mkulu wa zachuma pa kampani ina yogulitsa katundu wapikulitsa ku Limbe, ndipo mu ofesi yathu tilimo anthu asanu kuwerengera ine ndemwe. Timagwiritsa ntchito SAP. Maoditala atilembera kuti kagawidwe kathu ka ntchito m'sisitimu n'kofooka moti ndalama zikhoza kubedwa. Izi zandidabwitsa, chifukwa palibe ndalama imene imatuluka popanda ine ndi bwana wamkulu kuvomereza, ndipo invoisi iliyonse ndimaiona ndi maso anga. Kodi vuto lili pati? Nanga tingagawane bwanji ntchito pamene tilibe ndalama zolembera anthu ena?" Mayi wa ku Limbe

Zikomo mayi, ndipo mtima wanu ukhale m'malo. Ndemanga yotereyi sitanthauza kuti wina wakuberani kale, komanso sitanthauza kuti maoditala akukayikira inuyo. Makampani ambiri amene ndawayendera mu Blantyre muno anailandirapo, ndipo anthu asanu ndi okwanira kukonza vutoli popanda kulemba wina ntchito. Komabe maoditala anu akunena zoona. Siginecha yanu imatsimikiza kuti ngongole imene mukulipirayo ndi yeniyeni, koma siitsimikiza kuti ndalamazo zikupita ku akaunti ya mwini wake. Pakati pa ziwirizi pali mpata, ndipo mwa milandu yonse ya malipiro imene ndafufuzapo, yowawa kwambiri inadzera pampata umenewu.

Ndikufotokozereni zimene ndinapeza pa kampani ina ya ku Makata, imene sindiitchula dzina. Kampaniyo inkagula makatoni kwa saplaya mmodzi kwa zaka zambiri, ndipo pangano lawo linali lolipira pakatha masiku 60. Inabwera invoisi ya K18,400,000. LPO, chikalata choodera katunduyo, inalipo, a kositolo analandiradi makatoniwo n'kulemba GRN, chikalata chotsimikiza kuti katundu walandiridwa, ndipo mtengo wa pa invoisi unafanana ndi wa pa LPO. Kunalibe chabodza chilichonse. Lachinayi nthawi ya 16:52, anzake akulongedza zikwama kuti akakwere minibasi, kalaliki wa mainvoisi anatsegula kaundula wa saplayayo m'sisitimu, nafufuta nambala ya akaunti ya kubanki, n'kuikamo ina. Lachisanu m'mawa anakonza mndandanda wa malipiro a sabatayo. Pepala limene linafika patebulo la mkulu wa zachuma linali ndi dzina la saplaya, nambala ya invoisi ndi kuchuluka kwa ndalama, zonse zolondola. Mkuluyo anasayina, bwana wamkulu nayenso anasayina, ndalama zinapita. Lolemba nthawi ya 07:40 kalaliki uja anabwezeretsa nambala yeniyeni, moti aliyense amene akanatsegula kaundulayo masana a tsikulo sakanaona chachilendo.

Anachita zimenezi katatu m'miyezi isanu: K18,400,000 ija, kenaka K11,250,000, kenaka K22,100,000, zonse pamodzi K51,750,000. Mwina mukudabwa kuti saplayayo anakhala bwanji chete nthawi yonseyo. Sanakhale chete ayi, ankaimba foni, koma foniyo inkafikira kwa kalaliki yemweyo, amenenso anali ndi ntchito yofananiza sitetimenti ya saplaya ndi mabuku a kampani. Iye ankayankha mwaulemu kuti ndalama zavutirapo pang'ono, adikire, ndipo ankaonetsetsa kuti mainvoisi ang'onoang'ono akulipiridwa pa nthawi yake kuti saplayayo asapse mtima. Nkhani inaululika kalalikiyo atapita kumaliro kumudzi kwawo, pamene wotolera ngongole wa saplaya uja anabwera yekha ku ofesi ndi sitetimenti m'manja, n'kupeza kuti mainvoisi atatu amene iye akuwadikira akuoneka kuti analipiridwa kalekale.

Onani kuti akuluakulu awiri aja sanaphonye chilichonse mwa zimene anapatsidwa kuti aone. Kufananiza LPO, GRN ndi invoisi kumagwira invoisi yabodza kapena yokwezedwa mtengo, koma apa invoisi inali yoona. Cholakwika chinali chakuti munthu mmodzi anali ndi mphamvu zinayi m'manja mwake: kusintha akaunti ya saplaya, kulowetsa invoisi, kukonza malipiro, ndi kuyankha saplaya akadandaula. Zimenezi ndi zimene maoditala amatanthauza akamanena za kugawana ntchito. Sakuwerenga kuchuluka kwa masiginecha pa vawucha, akufunsa ngati pali munthu amene angayambe chinthu, kuchimaliza, n'kubisa mapazi ake popanda kudutsa m'manja mwa wina.

Mu ERP iliyonse, kutanthauza sisitimu ya pakompyuta yoyendetsera ntchito ndi mabuku a kampani, kaya ndi SAP, Oracle, Sage kapena ina, munthu sayenera kupatsidwa zilolezo chimodzichimodzi monga mmene wapemphera. Zilolezo zimamangidwa m'mitolo yotchedwa maudindo, mtolo uliwonse wogwirizana ndi ntchito imodzi, ndipo munthu amapatsidwa mtolo wa ntchito yake. Mu SAP mitoloyi imapangidwa pa `PFCG` n'kuperekedwa kwa munthu pa `SU01`. Chimene chimaononga zinthu m'maofesi athu n'chakuti sisitimu ikamakhazikitsidwa pamakhala changu, ndiye akatswiri amapanga udindo umodzi waukulu wa onse a zachuma kuti ntchito isaime, n'cholinga choti adzaukonza m'tsogolo. Tsogolo limenelo silifika. Ndikukayikira kwambiri kuti inunso mukayang'ana mupeza kuti anthu anu anayi ali ndi mtolo wofanana, ngakhale kuti pa makalata awo a ntchito analembedwa maudindo osiyana.

Kuti mudziwe, musafunse anthuwo kuti amachita chiyani, chifukwa adzakuuzani zimene amachita tsiku ndi tsiku, osati zimene angathe kuchita. Pemphani wa makompyuta atsegule `SUIM` inu muli pomwepo, ndipo atulutse mndandanda wa aliyense amene angathe kusintha kaundula wa masaplaya, wina wa amene angathe kulowetsa invoisi, ndi wina wa amene angathe kuyendetsa malipiro. Dzina lililonse lopezeka pa mindandanda iwiri mulizunguliza ndi cholembera. Pano pali msampha umodzi umene ndaona ukugwira ngakhale maoditala achinyamata. Kumulanda munthu `FK02`, khomo losinthira kaundula wa saplaya, sikokwanira, chifukwa kaundula yemweyo amatsegukanso kudzera pa `XK02`, ndipo mu mtundu wa SAP wotchedwa S/4HANA amatsegukira pa `BP`. Nyumbayo ili ndi makomo angapo, choncho uzani wa makompyuta kuti afufuze chilolezo chenicheni chosinthira kaundulayo, osati dzina la khomo limodzi lokha.

Tsopano tibwere pa anthu anu asanu. Pa kampani ya malonda apikulitsa nthawi zambiri pamakhala kalaliki wa mainvoisi, akauntanti wa malipiro, wotolera ngongole kwa makasitomala, akauntanti wa mabuku, ndi inuyo. Ndikanakhala ine, makomo a mu SAP amene aliyense angatsegule ndikanawagawa chonchi:

```
Kalaliki wa mainvoisi    MIRO  FB60  FK03
Wotolera ngongole        FK01  FK02
Akauntanti wa malipiro   F110  FK03
Akauntanti wa mabuku     FF67  FBL1N FK04
Mkulu wa zachuma         FK08  F110  FBL1N
```

Chimene chidabwitse anthu anu n'chakuti kaundula wa masaplaya ndamupereka kwa wotolera ngongole, munthu amene ntchito yake ndi ya makasitomala. Ndachita dala. Iyeyo salowetsa invoisi ya saplaya ndipo sakonza malipiro, choncho ngakhale atasintha nambala ya akaunti, alibe njira yosankhira tsiku loti ndalama zituluke. Ntchitoyo si yolemetsa, chifukwa pa kampani ngati yanu masaplaya atsopano kapena osintha banki sachuluka pa mwezi. Kalaliki ndi akauntanti wa malipiro atsala ndi `FK03`, imene imawalola kuona kaundula koma osasintha kanthu. Akauntanti wa mabuku amafananiza sitetimenti ya kubanki ndi mabuku, ndipo masitetimenti a masaplaya azifikira kwa iye mwachindunji, pa imelo yake, osadzera kwa kalaliki. Madandaulo a saplaya okhudza kuchedwa kwa ndalama azifikanso kwa iye kapena kwa inu.

Gawo lanu ndi limene ndikufuna mulimvetse bwino, popeza likufuna kuti mudzichotsere mphamvu. Mkulu wa zachuma sayenera kukhala ndi chilolezo cholowetsa invoisi kapena chosintha kaundula. Akuluakulu ambiri amakana izi, amati iwo ndi amene amathandiza zinthu zikathina kumapeto kwa mwezi. Koma wovomereza amene angathenso kuyambitsa chinthu ndiye kuti angadzivomereze yekha, ndipo tsiku limene pasiwedi yanu idzagwera m'manja mwa wina, munthuyo adzakhala ndi kampani yonse. Kudzichotsera zilolezozi kumakutetezaninso inuyo, chifukwa ndalama zikadzasowa sisitimu idzaonetsa poyera kuti dzina lanu silikanatha kuchita zimenezo.

`F110` yaoneka kawiri pa mndandandawo, ndipo si kulakwitsa. Malipiro mu SAP amayenda magawo awiri: poyamba pamakonzedwa mndandanda wa zoti zilipiridwe, kenaka malipirowo amayendetsedwa. Chilolezo chotchedwa `F_REGU_BUK` chimalola kulekanitsa magawo awiriwa, moti akauntanti akonze mndandanda koma asathe kuuyendetsa, ndipo inu muuyendetse mutauona pa sikirini. Ubwino wake ndi wakuti chimene mwaonacho ndi chimene chapita. Pamene mukusayina pepala losindikizidwa, wina angathe kubwerera pa kompyuta n'kusintha mndandandawo inu mutasayina kale. Ndipo uzani amene amakonza malipoti anu kuti mndandanda wa malipiro uzionetsa banki ndi nambala ya akaunti ya aliyense wolipiridwa. Ku Makata kuja, danga limodzi limeneli linalibe pa pepala.

Koma chida champhamvu kuposa zonse pa nkhani yanuyi chili kale mu SAP, kungoti makampani ambiri sanachiyatse. Mungathe kusankha madanga ena a m'kaundula wa saplaya kuti akhale otetezedwa, ndipo akaunti ya kubanki ikhale yoyamba pa madangawo. Wina akasintha danga lotere, sisitimu imaimitsa saplayayo kuti asalowe m'malipiro a `F110` kufikira munthu wachiwiri atatsimikiza kusinthako pa `FK08`, ndipo amene wasinthayo sangathe kudzitsimikizira yekha. Chikanakhala choyatsidwa ku Makata, Lachisanu lija saplaya wa makatoni akanagwa pa mndandanda wa malipiro, ndipo wina akanafunsa chifukwa chake. Dziwani malire ake: chitetezochi chimagwira malipiro oyendetsedwa ndi `F110`, koma musachidalire pa malipiro olembedwa pamanja kudzera pa `F-53` kapena `F-58`. Choncho malipiro apamanja akhale osowa, akhale ndi chifukwa cholembedwa, ndipo zilolezo zake zisakhale mwa kalaliki kapena mwa wosunga kaundula.

Kutsimikizako kusakhale kungodina batani. Ndaonapo mkulu wina akutsimikiza zosintha khumi ndi ziwiri m'mphindi zitatu, akulankhula pa foni. Musanadine, payenera kukhala kalata ya saplaya yosayinidwa ndi munthu amene mumamudziwa kuti ali ndi mphamvu kumeneko, pamodzi ndi kalata ya banki yotsimikiza kuti akauntiyo ndi ya kampani imeneyo. Kenaka inu nokha muimbe foni, ndipo nambala yoimbayo muitenge m'fayilo yakale kapena pa pangano lanu ndi saplayayo, osati pa kalata imene yangobwerayo, chifukwa wopeka kalata amaikapo nambala yake yomwe, ndipo adzakuyankhani mokoma kwambiri. Poimbapo musawerenge nambala ya akaunti n'kufunsa ngati ili yolondola. Apempheni iwowo kuti akuwerengereni, inu muzifananiza. Lembani pa kalatayo dzina la amene mwalankhula naye, tsiku ndi nthawi. Njira yomweyi imagwiranso akuba a kunja, amene amatumiza imelo yooneka ngati yochokera kwa saplaya yonena kuti asintha banki ndipo malipiro a mwezi uno apite ku akaunti yatsopano mwachangu. Liwu lakuti mwachangu likaoneka pa pempho losintha akaunti, ine ndimachedwa dala. Musadalirenso kuti banki idzafananiza dzina ndi nambala ya akaunti pa malipiro otumizidwa ambiri nthawi imodzi. Afunseni a banki yanu kuti akuuzeni polemba chimene makina awo amayang'ana.

Pali khomo lina lam'mbali limene limalambalala zonsezi, ndilo akaunti ya saplaya wa kamodzi. Imeneyi inapangidwira munthu amene mukumulipira ulendo umodzi wokha, monga kalipentala amene wakonza chitseko, ndipo dzina ndi nambala ya akaunti zimalembedwa pa invoisi pomwepo, osadzera m'kaundula. Wolowetsa invoisi ndiye amasankha kopita ndalama. Ngati simungaitseke, iikireni malire otsika, ndipo mwezi uliwonse muziona mndandanda wa onse olipiridwa kudzera mmenemo. Nambala ya akaunti imodzi ikaoneka kawiri pansi pa mayina osiyana, pamenepo pali nkhani.

Tsopano malipiro ayendetsedwa, ndipo sisitimu yatulutsa fayilo yoti ipite kubanki. Apa ndi pamene makampani ambiri amataya zonse zimene amanga. Fayiloyo imagwera m'foda imene aliyense wa mu ofesi amaitsegula, ndipo kawirikawiri ndi fayilo wamba imene munthu angaitsegule mu Excel, kusintha nambala imodzi, n'kuisunganso. ERP sidziwa kanthu za kusinthako, chifukwa kwachitikira kunja kwake. Njira yabwino ndi yoti sisitimu yanu izitumiza fayilo kubanki mwachindunji popanda dzanja la munthu, ndipo ngati banki yanu ili ndi njira imeneyi, ifunseni mtengo wake. Ngati sizitheka pakali pano, fodayo ikhale yoti anthu angowerenga osasintha, wokweza fayilo pa intaneti ya banki akhale munthu mmodzi wodziwika amene savomereza, ndipo ovomereza kubanki azifananiza zimene akuona pa sikirini ya banki ndi mndandanda wochokera m'sisitimu.

Pofananizapo anthu amayang'ana chiwerengero cha olipiridwa ndi ndalama zonse pamodzi, akaona kuti n'zofanana amavomereza. Koma wosintha nambala ya akaunti sakhudza ziwirizi: olipiridwa akadali 37, ndalama zonse zikadali zomwezo. Pali kanjira kakale kamene kamathandiza. Tengani manambala asanu ndi limodzi omalizira a akaunti iliyonse pa mndandanda wa m'sisitimu, muwaphatikize ngati ndi ndalama, ndipo muchite chimodzimodzi ndi mndandanda umene banki ikuonetsa. Yankho lake palokha lilibe tanthauzo, koma akaunti imodzi ikasinthidwa mayankho awiriwo amasiyana. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Kuwonjezera apo, malipiro asanu aakulu koposa pa mndandandawo muziwafananiza nambala yonse ndi maso.

Zonsezi zimagwa tsiku limene pasiwedi yabwerekedwa. Ndikudziwa mmene zimayambira, ndipo sizimayamba ndi mtima woipa. Bwana wamkulu ali pa msewu wa ku Lilongwe, madalaivala akudikira ndalama za mafuta, saplaya wakana kutsitsa katundu, ndiye wina amaimba foni, bwanayo n'kumuwerengera nambala yachinsinsi imene banki yamutumizira. Pa ofesi ina ndinapeza tokeni ya kubanki ya bwana ili m'dirowa ya sekilitale, pasiwedi yake italembedwa pa kapepala kachikasu komatidwa kuseri kwa tokeniyo. Pa mabuku panali ovomereza awiri, koma kunena zoona panalibe ndi mmodzi yemwe. Mankhwala ake si kukalipa. Sankhani wovomereza wachitatu, mwina mmodzi wa madairekitala, amene ali ndi dzina lake ndi tokeni yake, kuti wina akachoka ntchito isaime. Anthu amabwerekana mapasiwedi pamene njira yoyenera palibe.

Tchuthi nacho chimafuna dongosolo lomwelo, makamaka kwa inu amene muli ochepa. Akauntanti wa malipiro akapita ku tchuthi, wina ayenera kumugwirira ntchito, ndipo apa ndi pamene maudindo amaunjikana. Munthu amapatsidwa udindo wachiwiri kwa milungu iwiri, mwini wake amabwerako, koma palibe amene amakumbukira kuchotsa. Pakatha zaka zitatu wantchito wakale amakhala atagwirirapo aliyense, ndipo makiyi onse ali m'thumba mwake. Pa `SU01` udindo uliwonse uli ndi danga la tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Lamulani kuti udindo wogwirizira usaperekedwe popanda tsiku lothera. Sankhaninso mosamala wogwirizira: wosunga kaundula asagwirire wa malipiro, ndipo ngati akauntanti wa mabuku ndiye wagwirizira malipiro, kufananiza ndi banki kwa milungu imeneyo muchite inuyo. Munthu amene sapita ku tchuthi chaka ndi chaka, amene amabwera ngakhale akudwala kuti wina asakhale pa mpando wake, musathamangire kumuyamikira. Akapita, zilolezo zake zitsekedwe masiku onsewo, ndipo mafoni a masaplaya ayankhe wina.

Pamwamba pa onsewa pali munthu amene simunamuwerenge pa anthu asanu aja, ndiye wa makompyuta. Iye ndi amene amapereka maudindo, choncho angathe kudzipatsa uliwonse. Funsani kuti ndani ali ndi `SAP_ALL`, chilolezo chimene chimatsegula chilichonse, ndipo musadabwe mukapezapo dzina la katswiri amene anakhazikitsa sisitimu n'kuchoka zaka zapitazo. Dziko lathu linaphunzira izi mowawa. Pa nkhani ya Kashigeti ya 2013, malipiro abodza ankalowetsedwa mu IFMIS, sisitimu ya zachuma ya boma, macheke n'kutuluka, kenaka zolembedwazo n'kufufutidwa m'sisitimu, ndipo lipoti la maoditala a Baker Tilly la 2014 linapeza kuti panatayika ndalama zoposa K13 biliyoni m'miyezi ya Epulo mpaka Sepitembala 2013 yokha. Wokhala ndi mphamvu yofufuta mapazi ndi woopsa kuposa wokhala ndi mphamvu yolipira. Choncho wa makompyuta asakhale ndi udindo uliwonse wa zachuma, asapereke udindo popanda fomu yosayinidwa ndi inu, ndipo mwezi uliwonse muzilandira lipoti la maudindo onse amene aperekedwa kapena kuchotsedwa, muzilifananiza ndi mafomuwo. Dzina lamphamvu zonse likhale lotsekedwa, lotsegulidwa pa vuto lenileni lokha, ndipo zimene lachita ziwerengedwe pambuyo pake.

Musanayambe kukonza za m'tsogolo, yang'anani kumbuyo. SAP imasunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa kaundula wa saplaya: amene anasintha, tsiku, nthawi, zimene zinalipo ndi zimene zinaikidwa. Pa saplaya mmodzi mbiriyi imaoneka pa `FK04`, ndipo wa makompyuta angakutulutsireni ya onse kuchokera m'matebulo a `CDHDR` ndi `CDPOS`. Pemphani zosintha zonse za akaunti ya kubanki za miyezi 24 yapitayi, ndipo mukhalepo pamene akuzitulutsa. Chimene mukufuna ndi saplaya amene akaunti yake inasinthidwa kawiri m'masiku ochepa, kuchoka pa nambala yakale kupita pa yatsopano n'kubwereranso pa yakale, ndipo pakati pa kusintha kuwiriko pali malipiro. Kampani yeniyeni ikasintha banki imasintha kamodzi n'kukhala komweko. Onaninso zosintha zochitika madzulo anthu ataweruka kapena Loweruka, ndi zosintha pa saplaya amene mwakhala osagula kwa iye nthawi yaitali. Mukamaliza, tengani manambala a akaunti a masaplaya onse muwafananize ndi a antchito pa mndandanda wa malipiro a mwezi. Ku Makata akaunti inali ya kabizinesi kolembetsedwa m'dzina la m'bale wa kalaliki, choncho kufananizaku sikukanaigwira, koma kwina kwagwirapo anthu.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti kugawana ntchito kumalepheretsa munthu mmodzi, sikulepheretsa anthu awiri ogwirizana. Wosunga kaundula ndi wotsimikiza akapangana, sisitimu idzaona zonse zili m'malo. Pa ofesi ya anthu asanu amene amadyera limodzi nsima masana, izi si zosatheka. N'chifukwa chake payenera kukhala diso lochokera kunja kwa ofesi yanu. Bwana wamkulu kapena dairekitala wina azilandira lipoti la zosintha za akaunti mwezi uliwonse mwachindunji kuchokera m'sisitimu, osadzera mwa inu, ndipo kamodzi pa miyezi itatu aziimbira yekha masaplaya aakulu angapo kufunsa ngongole imene iwo akuiona m'mabuku awo. Izi zisakukhumudwitseni, muzipemphe nokha.

Pa kukonza maudindo, ngati wa makompyuta wanu sanapangepo maudindo pa `PFCG`, itanani katswiri wa zilolezo za SAP, ndipo maudindo atsopanowo ayesedwe kaye pa sisitimu yoyeserera, aliyense ayese kugwira ntchito yake komanso ayese dala kuchita zimene waletsedwa. Musasinthe m'sabata yotseka mwezi. Mukamaliza, apempheni maoditala omwe anakulemberaniwo kuti abwere adzaone mindandanda ya pa `SUIM` isanafike oditi ya chaka chamawa.

Koma ngati pofufuza mbiri ija mwapeza akaunti yosinthidwa n'kubwezeretsedwa, imeneyo si nkhani yoti muithetse nokha mu ofesi. Musamuitane munthuyo kudzamufunsa, ndipo musauze anzake. Dziwitsani bwana wamkulu ndi bodi tsiku lomwelo. Sungani mbiriyo pamalo awiri, dzina la munthuyo lolowera m'sisitimu litsekedwe koma lisafufutidwe, ndipo kompyuta yake isagwiritsidwe ntchito ndi wina. Ngati malipirowo ndi a masiku apafupi, imbirani banki nthawi yomweyo ndi kuwalembera kalata, popeza mwayi woimitsa ndalama umachepa ola lililonse. Itanani oditala wofufuza za chinyengo kuti aone ngati pali masaplaya ena okhudzidwa, ndipo kanenedwe ku nthambi ya polisi yoona za milandu ya ndalama. Funsaninso loya musanachotse munthu ntchito, chifukwa Lamulo la Ntchito la 2000 limafuna kuti wantchito apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe, ndipo kampani yothamanga ikhoza kuluza mlandu ku khoti la za ntchito ngakhale umboni wa kubako ulipo. Kumbukiraninso kuti dzina looneka pa mbiri likungosonyeza pasiwedi imene inagwiritsidwa ntchito. Ngati mu ofesi yanu mapasiwedi akhala akubwerekedwa, wofufuza adzafunika kuona kompyuta imene inagwiritsidwa ntchito, buku la pageti ndi masiku a tchuthi asananene kuti anali ndani pa mpandowo nthawi ya 16:52.